Legeni yanga ndi yolimba kukoka koma nsangalabwi ikugwera panjira

Wa Njinga ku Lunzu: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Loweruka madzulo tikatseka pa ntchito timapikisana kulasa chitini ndi legeni kuseri kwa shedi, mtunda wake mamita 10, tinayeza ndi tepi. Yanga ndinapanga ndi mphanda ya mtengo wa gwafa, mphira ndinadula ku chubu chakuda cha njinga yamoto, mbali iliyonse masentimita 30 m'litali, mulifupi ngati masentimita awiri ndi theka. Chikopa ndi lilime la nsapato yakale. Ndimaponyera tizitsulo ta mu habu ya kumbuyo, popeza ndili nato tambiri. Kukoka kwake mpaka mkono kunjenjemera, koma kachitsulo kakugwera patsogolo pa chitini, ndipo mphira ikumandimenya pa zala pobwerera. Vuto ndi chiyani? Ndiwonjezere mphira?

Mjoni wa ku Mangochi: Wonjezerani basi achimwene. Ikani ziwiriziwiri mbali iliyonse. Mphamvu ya legeni ili pa mphira, ikachepa palibe chimene mungalase. Kuno timagwiritsa ntchito zokhuthala, munthu wofooka sakoka n'komwe.

Aphunzitsi Opuma: Musawonjezere kaye. Mwanena nokha kuti mkono ukunjenjemera, ndiye mphamvu yokokera ilipo kale yambiri, kungoti sikufika ku kachitsuloko. Ndiyankheni zinthu ziwiri. Choyamba, gwirani mphanda monga mumagwirira polasa, mnzanu ayeze ndi tepi kuchokera pansonga ya mphanda kufika pamene chikopa chimaima mukakoka. Chachiwiri, yang'anani pa chubu chimene munadulacho ngati pali chilembo chilichonse.

Wa Njinga ku Lunzu: Tayeza, ndi masentimita 78, chikopa chimafika pa tsaya pansi pa diso. Pa chubu palembedwa BUTYL.

Aphunzitsi Opuma: Ndiye mlandu wapezeka, ndipo uli pawiri.

Mphira imeneyo inapangidwa kuti isunge mpweya. Pa ntchito imeneyo ndi katswiri, n'chifukwa chake tayala la masiku ano limatha masiku osafuna pampu. Koma ukaikoka n'kuisiya imabwerera mwaulesi, mphamvu yambiri imene waikamo imathera mkati mwake momwemo ngati kutentha. Legeni imafuna mphira yobwerera mwachangu, ndipo imeneyo ndi ya utomoni wa mtengo, wonga umene amakama m'minda ya Vizara ku Nkhata Bay. Amene tinakula kale tikukumbuka machubu ofiira aja, ambiri mwa iwo anali a utomoni weniweni, n'chifukwa chake legeni za nthawi imeneyo zinkalira. Yesani nokha: dulani kachingwe ka chubu chanucho, mukoke n'kusiya, kenako muchite chimodzimodzi ndi kamphira komangira ndalama. Khutu lomwe likuuzani.

Chachiwiri ndi kutalika. Mphira ya masentimita 30 yokokedwa kufika 78 yatamuka kawiri ndi theka basi, kupitirira pang'ono. Mphira yabwino ya utomoni imafuna kutamuka pafupifupi kasanu kuti igwire ntchito yake. Ndiye ngakhale mutapeza mphira yabwino lero n'kuidula masentimita 30, mudzabweranso kuno kudzadandaula.

Wa Kabaza: Ndiye angoifupikitsa yomweyo bwanji? Ine yanga ndi ya chubu chomwecho, ndinadula yaifupi ndipo imalasa.

Aphunzitsi Opuma: Kufupikitsa kuthandiza pang'ono, sindikukana. Koma ilimbanso kwambiri kukoka, pamene mwini wake akunjenjemera kale. Ngati palibiretu mphira ina, aifupikitse n'kuichepetsanso mulifupi, theka la mmene ilili. Koma ulesi wake wobwerera sudzachoka.

Wa Kabaza: Yanga imalasa aphunzitsi.

Mjoni wa ku Mangochi: Imalasa chiyani, khoma la nyumba?

Wa Kabaza: Bwerani pa Khirisimasi mudzaone.

Make Tadala: Pepani ndalowerera. Ine nkhani ya legeni ikandipeza mtima umakwera, chifukwa ana a kwathu kuno atha njiwa za anthu ndipo galasi la zenera langa ndinagula kawiri. Inu akuluakulu a ndevu mukuphunzitsana kuti iziponya mwamphamvu, mukufuna kupha chiyani?

Wa Njinga ku Lunzu: Ayi mayi, ife sitilasa mbalame. Ndi chitini chabe, amene waphonya kwambiri amagulira anzake zakumwa.

Make Tadala: Nanga kuseri kwa chitinicho kuli chiyani?

Wa Njinga ku Lunzu: Khoma la njerwa la shedi.

Aphunzitsi Opuma: Funso la mayiwa ndi lofunika kuposa langa lija. Kachitsulo kakamenya njerwa kamabwerera, ndipo sikasankha diso la ndani. Pakali pano mwapulumuka chifukwa legeni yanu ndi yofooka, mukaikonza zisintha. Pezani katoni yaikulu, mupachike bulangete lakale kapena masaka awiri mkati mwake, olendewera, osakungidwa, patsogolo pake mupachike chitinicho ndi chingwe. Nsalu yolendewera imameza mphamvu yonse, kachitsulo n'kugwera pansi m'katoni. Mukaikunga ikubwezerani. Ndipo muvale magalasi oyera aja ovala pogwiritsa ntchito galainda, pa ntchito yanuyo sangasowe.

Wa Njinga ku Lunzu: Zamveka. Nanga mphira yabwinoyo ndiipeza kuti? Machubu ofiira sindinawaonenso.

Mjoni wa ku Mangochi: M'masitolo a zamasewero muli malamba a mphira opyapyala, otambalala, amene anthu amakoka pochita majimu. Amenewo ndi abwino, ndi amene ambiri amadula kuno. Koma muwerenge pa paketi, ena amalemba "latex free", amenewo asiyeni, ndi aulesi ngati chubu chanucho. Lamba mmodzi mutulutsamo legeni zambirimbiri.

Aphunzitsi Opuma: Pamenepo a Mjoni anena zoona. Ngati amenewo sakupezeka, timphira tomangira ndalama tatsopano timagwira ntchito mukatilumikiza ngati unyolo, tiwiri kapena titatu pa mfundo iliyonse. Sitikhalitsa koma timabwerera mwachangu. Magolovesi okhuthala ochapira aja enanso ndi a utomoni, mutha kudula m'litali mwa mkono wake.

Mphira iliyonse mungapeze, musakhulupirire nambala yanga ya kasanu musanaiyese. Dulani kachidutswa, mulembe mizere iwiri ndi bolopeni yotalikirana masentimita 5. Kokani pafupi ndi tepi mpaka mumve kuti yafika pouma, pamene ikukana kupitirira ngati mwakoka chingwe. Onani kuti mizere ija yatalikirana bwanji. Ikafika masentimita 30, ndiye kuti malire ake ndi kasanu ndi kamodzi. Inu musamalase pa malire, bwererani pang'ono, mugwiritse kasanu. Ikaumira pa 25, malire ndi kasanu, mugwiritse kanayi kapena kupitirira pang'ono.

Wa Njinga ku Lunzu: Ndapeza lamba wa majimu kwa mlamu wanga, wobiriwira, wopyapyala kwambiri kuposa chubu, mwina theka la milimita. Mizere yafika pa 30 ndendende. Ndidule bwanji?

Aphunzitsi Opuma: Masamu ake ndi awa:

78 ÷ 5 = 15.6

Tinene masentimita 16. Amenewa ndi a mphira yomwe ili pakati, kuchokera pamene mwamanga ku mphanda kufika pamene mwamanga ku chikopa. Zomangira sizili m'gulu, ndiye onjezani masentimita awiri uku ndi awiri uku, mudule 20. Mukafuna kuti ikhalitse, gawani ndi 4.5, mupeza 17 ndi pang'ono, liwiro litsika pang'ono koma siiduka msanga. Kwa munthu wolasa chitini ndingasankhe 17.

Taonani chimene chasintha. Poyamba mphira inkakankha kachitsulo pa mtunda wa masentimita 48 okha, kuchoka pa 78 kufika pa 30, kenako n'kukhwefuka. Tsopano ikankha pa mtunda wa masentimita oposa 60. Liwiro limachokera pamenepo, pa kutalika kwa njira imene mphira ikukankha ndi changu chake pobwerera, kulimba kwa pokoka ndi gawo limodzi chabe la nkhaniyi.

Mulifupi mwake, pa tizitsulo tanu tating'onoto, dulani mamilimita 15 ku mphanda, n'kumachepa mpaka 10 ku chikopa.

Wa Njinga ku Lunzu: Mamilimita 15? Aphunzitsi, kameneko si kachingwe ka kabudula? Kaponya chiyani?

Mjoni wa ku Mangochi: Inenso ndikudabwa. Yopyapyala kale, n'kuichepetsanso? Achimwene dulani 30, muike ziwiri. Mudzandithokoza.

Aphunzitsi Opuma: A Mjoni, inu mumaponyera chiyani?

Mjoni wa ku Mangochi: Zitsulo za mamilimita 12, nthawi zina manati.

Aphunzitsi Opuma: Ndiye kwa inu mukunena zoona. Chitsulo cha mamilimita 12 chimalemera magalamu 7. Ka mu habu ya kumbuyo ya njinga ndi kota ya inchi, mamilimita 6 ndi pang'ono, kamalemera galamu imodzi yokha. Kasanu ndi kawiri kusiyana kwake. Mphira imene ikuyenera chitsulo chanu siingayenere ka anzathuwa.

Chimene anthu amaiwala n'chakuti mphira siiponya kachitsulo kokha. Imadziponyanso yokha, pamodzi ndi chikopa. Mukasiya, mphira yonse ikuthamangira kutsogolo, makamaka mbali ya ku chikopa imene imathamanga liwiro limodzi ndi kachitsuloko. Mukawirikiza mphira, mwawirikiza mphamvu, inde, koma mwawirikizanso katundu amene mphamvuyo ikuyenera kunyamula. Ngati choponyacho n'cholemera, phindu lilipo, chifukwa katundu wamkulu ndi chomwecho. Ngati ndi kagalamu kamodzi, katundu wamkulu ndi mphira yomwe, ndiye liwiro silikwera kwenikweni, mwangodzivutitsa mkono. Zili ngati kutuma lole kuti ikatenge thumba limodzi la chimanga, mafuta ambiri athera kunyamula lole yomweyo.

Mphamvu yotsalayo siisowa kopita. Mphira imapitirira mphanda, n'kubwerera kudzamenya zala. Kumenyedwa kumene a ku Lunzu akudandaula ndi chizindikiro chimenecho: mphira ndi chikopa n'zolemera, choponya n'chopepuka. Kuchepetsa mbali ya ku chikopa kuja n'chifukwa chomwecho, mukuchotsa kulemera pamalo pamene pamathamanga kwambiri.

Wa Kabaza: Nanga chikopa cha lilime la nsapato?

Aphunzitsi Opuma: Chimenecho mwina n'cholemera kuposa kachitsulo kangapo konse. Pa kachitsulo kakang'ono mufunika kachikopa kopyapyala, kofewa, ngati masentimita 5 m'litali ndi limodzi ndi theka mulifupi. Golovesi yakale yachikopa kapena kachikwama ka ndalama kakutha. Mukaboole pang'ono pakati penipeni kuti kachitsulo kazikhala malo amodzi nthawi zonse.

Mjoni wa ku Mangochi: Ine ndikuonabe kuti yankho ndi kuponyera zolemera. Cholemera chimapita mowongoka, mphepo siichikankha, chikamenya chitini chimamveka. Tizitsulo ta njinga n'ta ana.

Aphunzitsi Opuma: Za mphepo mukunena zoona, ndiponso cholemera chimatenga gawo lalikulu la mphamvu ya mphira, sichimenyetsa zala. Koma kuwongoka ayi. Chilichonse chimayamba kugwa chikangochoka pa chikopa, cholemera ndi chopepuka mofanana. Chimene chimasiyanitsa ndi nthawi imene chakhala m'malere. Pa liwiro la mamita 60 pa sekondi, mtunda wa mamita 10 chimatsika pafupifupi masentimita 14. Pa liwiro la mamita 40 chimatsika kupitirira masentimita 30. Ndiye pa mphira imodzimodzi, cholemera chimayenda pang'onopang'ono ndipo chimapindira pansi kwambiri. Kuti chiwongoke muyenera mphira yamphamvu, ndipo mphira yamphamvu ndi imene imanjenjemeretsa mkono. Pa chitini cha mamita 10 simukufuna kuboola chilichonse, mukufuna mkono wodekha.

Mjoni wa ku Mangochi: Mkono ndi wa kuzolowera. Wanga sunjenjemera.

Aphunzitsi Opuma: Mwina ndi choncho. Koma mukafika pa kuponya kwa makumi atatu tsiku limodzi mudzatiuze.

Gogo wa ku Dedza: Ana inu mukungokamba za zitsulo. Ife tinkaumba ndi dothi la pachulu. Ukakanda bwino ngati la mbiya, wopanda timiyala, umatapa pang'ono n'kuviringa m'manja, n'kuyanika pamthunzi, osati padzuwa chifukwa timang'aluka. Tikauma timachepako, ndiye poumba uziposako pang'ono. Palibe kulipira, palibe kutola. Ndipo kakamenya chandamale kamaphulika fumbi, aliyense amaona kuti walasa, mkangano palibe.

Wa Njinga ku Lunzu: Zimenezo zatisangalatsa agogo, chifukwa kwathu kuno mkangano umakhala pomwepo, wina amati chakhudza wina amati ayi. Koma timakhala tofanana?

Gogo wa ku Dedza: Maso ndi manja amadziwa.

Aphunzitsi Opuma: Manja a agogo amadziwa, a ife ena ayi. Njira yachidule: pamanthani dothi likhale chingwe chofanana kukula, muduledule ndi mpeni motalika mofanana, kenako muviringe. Tikauma, boolani mabowo awiri pa thabwa, lina lokulirapo pang'ono. Tolowa pa lalikulu koma tokana pa laling'ono ndi timene musunge. Dothi ndi lopepuka pafupifupi kanayi poyerekeza ndi chitsulo, ndiye kampira ka mamilimita 10 kamalemera ngati kachitsulo kanu ka mu habu, galamu imodzi, ndipo mphira yomweyo ya 15 ndi 10 ikwanira, chikopa chokha chikulireko. Choipa chake, n'kakakulu koma kopepuka, mpweya umakagwira msanga. Pa mamita 10 palibe vuto lalikulu, kupitirira apo kapena kukakhala mphepo ya mwera muona kusiyana.

Wa Kabaza: Nanga mabo? Ana amagulitsa motchipa.

Aphunzitsi Opuma: Mabo wamba ndi mamilimita 16, amalemera magalamu 5 ndi pang'ono. Ndi ozungulira bwino ndipo amaoneka akamauluka, zimene zimathandiza wophunzira kuona kumene akuphonyera. Koma amafuna mphira yokulirapo, ngati mamilimita 25 kutsikira ku 20, ndi chikopa chachikulu, ndiponso akamenya cholimba amasweka n'kumwaza magalasi pabwalo pamene ana amayenda opanda nsapato. Popanda katoni ya bulangete ija musayerekeze. Amene angapeze zitsulo za mamilimita 8, zolemera magalamu awiri, ndiye pakatikati pabwino, mphira yake ngati 20 kutsikira ku 15.

Miyala ya mumsewu ndi manati n'zosiya pa mpikisano. Uliwonse uli ndi kulemera kwake ndi ngodya zake, umapota m'malere, ndipo wa nsonga umatha kukodwa pa chikopa n'kumenya mphanda kapena chala chachikulu.

Mjoni wa ku Mangochi: Manati ndiwavomereze, amalira ngati njuchi koma amapita kumene afuna okha.

Make Tadala: Ine ndavotera dothi la agogo. Likaphonya n'kugwera padenga palibe amene alira.

Wa Njinga ku Lunzu: Ndabweranso. Ndadula monga munanenera, 17 pakati, 15 ndi 10. Kukoka kwake ngati palibe kanthu, koma kachitsulo sindikukaonanso kakamauluka, ndikungomva phokoso m'katoni. Zala sizikumenyedwanso. Koma pali ziwiri. Mphira imodzi yaduka tsiku lomwelo chapakati. Ndipo ndikuphonyabe, tsopano m'mbali, kumanzere kumanja.

Aphunzitsi Opuma: Munadulira chiyani?

Wa Njinga ku Lunzu: Sizasi ya pa shedi.

Aphunzitsi Opuma: Kokani yotsalayo pang'ono muyang'ane m'mphepete mwake pa kuwala. Muona timano pamene sizasi inkaima n'kuyambanso. Kamano kalikonse ndi poyambira kung'ambika. Mphira yodulidwa bwino imatha kaye nthawi, ndipo ikamaduka imadukira pafupi ndi chikopa, pamene pali popyapyala. Kuduka pakati tsiku loyamba ndi mlandu wa chodulira. Matani tepi ya pepala pa mphira, mujambule mizere pa tepiyo, muike pa galasi kapena thabwa losalala, mupanikize ndi lula yachitsulo, mudule ndi lezala latsopano kamodzi kokha osabwereza. Mbali ziwirizo mudule mofanana ndendende, ina ikatalika kapena kukula kuposa inzake zoponya zonse zimakokera mbali imodzi.

Ndipo musanayambe kulasa tsiku lililonse, yang'anani pamene mwamanga ku mphanda. Ikaduka ku chikopa imathawira kutsogolo, ikaduka kapena kuvuka ku mphanda imabwera kumaso kwanu. Nsonga za mphanda muzipale ndi sandipepa zisalale. Pomanga gwiritsani kachingwe ka mphira yomweyo, kokungidwa, osati waya kapena ulusi wa saka umene umadya mphira. Pa shedi panupo muisunge kutali ndi girisi, oilo ndi petulo, ndiponso musaisiye padzuwa, zonsezi zimawononga utomoni.

Wa Kabaza: Ine ndimapaka mafuta odzola kuti isaume.

Aphunzitsi Opuma: Pa chubu chakudacho mwina simunaone kanthu msanga, koma pa ya utomoni mafuta odzola a m'botolo aja amaifewetsa n'kuiwononga. Ingoisungani m'kathumba kotseka, m'mthunzi.

Tsopano za kuphonya m'mbali. Chotsani chitini kaye. Imikani chikatoni chosalala, mujambule kadontho pakati, muponye kakhumi osasintha poloza ngakhale muone kuti mukuphonya. Kenako muone mmene mabowo akhalira. Akasonkhana malo amodzi koma kutali ndi kadontho, legeni ndi dzanja zili bwino, mungosuntha poloza. Akandandalika kuchokera pamwamba kutsika pansi, ndiye kuti mukukoka mosiyanasiyana, kapena zoponya n'zosiyana kulemera. Akamwazika m'mbali, kawirikawiri ndi pamene mumaimika chikopa kapena mmene mumasiyira.

Taonani kuchepa kwa malo olakwitsa. Kuchokera pa tsaya kufika pa mphanda ndi masentimita 78, kufika pa chitini ndi pafupifupi 1,000. Chikopa chikasuntha sentimita imodzi pa tsaya, kachitsulo kasuntha pafupifupi masentimita 13 pa chandamale. Chitini cha masentimita 7 mulifupi chimakupatsani atatu ndi theka mbali iliyonse, kutanthauza mamilimita atatu okha pa tsaya. Ndiye "penapake pa tsaya" sipokwanira. Sankhani malo amene mumawamva, mfundo ya chala chachikulu igunde pansi pa fupa la tsaya kapena pa ngodya ya pakamwa, pomwepo nthawi zonse. Kukoka mochepa ndi sentimita imodzi kumangotsitsa pang'ono pa mamita 10, koma kusuntha m'mbali ndi sentimita imodzi ndi kuphonya.

Wa Njinga ku Lunzu: Ndikuganiza kuti ndi kasiyidwe. Kachitsulo n'kakang'ono, ndimatsina chikopa kutsogolo kwake kuti kasapulumuke.

Aphunzitsi Opuma: Ndi pamenepo. Mukatsina kutsogolo, kachitsulo kamayenera kudumpha chala kuti katuluke, ndipo kamadumphira mbali. Tsinani pa kachitsulo penipeni kupyolera m'chikopa, chala chachikulu chowongoka, n'kungomasula zala osakankha. Ndi mphira yopepukayi sizivuta, ndi ya chubu ija simukanatha.

Mjoni wa ku Mangochi: Langizo langa, kokani mudekhe, muloze mpaka mutatsimikiza. Ine ndimatha kugwira nthawi yaitali ndithu ndisanasiye.

Aphunzitsi Opuma: Apa ndiye tisiyana. Tengani kamphira komangira ndalama, mukakoke mwadzidzidzi n'kukagunditsa pa mlomo wam'mwamba. Mumva kutentha. Gwiranibe chikokereni, kazizira. Mukakasiya kabwerere n'kukagunditsanso, kakhala kozizira kuposa poyamba. Kutentha kumeneko ndi gawo la mphamvu yobwerera nayo, mukagwira nthawi yaitali kumathawira mu mpweya ndipo mphira imafooka. Wogwira sekondi imodzi ulendo uno, masekondi asanu ulendo winawo, mabowo ake amandandalika kutsika pansi. Kokani, lozani, werengani mumtima kawiri kapena katatu, siyani, mofanana nthawi zonse.

Gogo wa ku Dedza: Zimenezo n'zoona ngakhale sitinkadziwa chifukwa chake. Kuno mu Juni ndi Julaye m'mawa legeni imakhala yaulesi, tinkaiyika m'khwapa kapena m'thumba la kabudula kuti ifunde. Mu Okutobala ndiye imalusa, koma imadukanso msanga.

Mjoni wa ku Mangochi: Za kuzizira ndavomera, kuno mu Julaye imachita zomwezo. Koma za kugwira nthawi yaitali, ngati ndimagwira mofanana nthawi zonse, vuto lili pati? Ikafooka mofanana ndiye ndimaloza mokwererako basi.

Aphunzitsi Opuma: Ngati ndi mofanana ndithu, palibe vuto lalikulu, mwangotaya liwiro pang'ono. Pamenepo mwandigwira. Chovuta ndi kufananitsa masekondi ambiri ndi mphira yolimba.

Wa Kabaza: Ndaona anthu ena akukoka kupitirira khutu mpaka mkono wonse kutambasuka kumbuyo. Zimenezo ndi matama kapena zimathandiza?

Aphunzitsi Opuma: Zimathandiza pa liwiro. Munthu wokoka masentimita 150 amadula mphira ya 30, ndipo imakankha pa mtunda wa masentimita 120, pafupifupi kawiri kuposa a ku Lunzu, pomwe kulimba kwa pokoka n'chimodzimodzi ngati mulifupi ndi mofanana. Koma wataya tsaya logundapo, ndipo chikopa chimadutsa pafupi ndi khutu ndi nkhope chili pa liwiro. Si poyambira. Musakoke choncho ndi mphira yodulidwira pa tsaya, mupitirira malire ake.

Wa Njinga ku Lunzu: Ndadulanso ndi lezala, ndasintha katsinidwe, ndikugunda chala pa ngodya ya pakamwa. Mabowo tsopano asonkhana malo okwana chikhatho, pang'ono kumanzere ndi pamwamba. Koma kuchoka pa tsaya kupita pakamwa kwasintha kakokedwe, tayezanso ndi 75.

Aphunzitsi Opuma: Ndi mphira ya 17 ndiye ikutamuka pafupifupi kanayi ndi theka, zili bwino, musadulenso. Kukwera kwa mabowo n'chifukwa chakuti chikopa chatsika kuchoka pansi pa diso, ndiye lozani motsikirako, kapena bwererani pa fupa la tsaya ngati kusiyana kwake kukukula. Za kumanzere, yang'anani ngati mphanda ikuyang'ana chandamale mowongoka pamene mwakoka, nsonga imodzi isatsogole inzake. Mnzanu aime pambali akuoneni, nokha simungaone.

Gogo wa ku Dedza: Dothi lija mwaumba?

Wa Njinga ku Lunzu: Tikuyanika agogo. Mnzanga wina akuti tiwotche pa mbaula kuti tilimbe, akuti tosawotcha timanyenyeka m'chikopa.

Gogo wa ku Dedza: Timanyenyeka ngati dothi lili ndi mchenga wambiri kapena sitinaume mkati. Mukawotcha mwapanga mwala, fumbi lija simuliona, ndipo kakamenya njerwa kabwerera.

Mjoni wa ku Mangochi: Wotchani theka, theka musiye, mulase pa katoni muone kuti ati asonkhana bwino. Ine ndikubetcha pa towotcha.

Wa Njinga ku Lunzu: Tichita choncho Loweruka. A Kabaza, bwerani ndi ya chubu yanu ija, katoni ndi imodzi.